Mmene magazi ndi ndulu zimayendera m'kati mwa chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu 1.5 ndipo chimakhala kumanja, pansi pa nthiti. Pa mphindi iliyonse chimalandira magazi okwana pafupifupi malita 1.5, amene ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a magazi onse omwe mtima umapopa. Magaziwo amafika kudzera m'mitsempha iwiri. Waukulu umatchedwa mtsempha wa potalo, ndipo umatenga magazi amene adutsa m'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba. Magazi ake amakhala odzaza ndi zakudya zogayidwa, mankhwala amene munthu wamwa ndiponso tizilombo tina tothawa m'matumbo, koma mpweya wa okosijeni umakhala utachepa kale. Mtsempha umenewu umabweretsa magawo pafupifupi 75 pa 100 a magazi olowa m'chiwindi. Otsalawo amabwera ndi mtsempha wina wocheperapo, wochokera kumtima, wonyamula magazi a okosijeni wochuluka.

Nthawi yomweyo chiwindi chimatulutsa ndulu, madzi owawa achikasu chobiriwira amene amathandiza kugaya mafuta, ndipo pa tsiku chimapanga yoposa theka la lita. Magazi ndi ndulu zimayenda moyandikana kwambiri, molekanitsidwa ndi selo limodzi lokha, koma sizisakanikirana, ndipo zimalowera kosiyana: magazi amalowera m'kati, ndulu imalowera kunja. Matenda ambiri a chiwindi amamveka bwino munthu akadziwa dongosolo limeneli.

Kachigawo ka mbali 6

Chiwindi chinapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tofanana, tomwe akatswiri amatitcha malobulo. Kachigawo kamodzi n'kotalika pafupifupi milimita imodzi m'mimba mwake. Chiwindi chikadulidwa mopyapyala n'kuikidwa pa maikulosikopu, tizigawoti timaoneka ta mbali 6, togundana mbali zonse ngati timabowo ta m'chisa cha njuchi. M'chiwindi cha nkhumba malire ake amaoneka bwino chifukwa kachigawo kalikonse kanakutidwa ndi ulusi wolimba, moti munthu wopenyetsetsa amatha kuwaona ndi maso pa nyama yaiwisi. M'chiwindi cha munthu ulusiwo ndi wochepa, ndipo malire amazindikirika poona pamene pali mitsempha. Marcello Malpighi wa ku Italy analemba za tizigawoti mu 1666, ndipo Francis Kiernan, dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku London, ndiye anafotokoza kamangidwe kake momveka mu 1833.

Pakati pa kachigawo pali kamtsempha kamodzi kotolera magazi, komwe kamatchedwa mtsempha wapakati. M'ngodya zake muli timachubu titatu toyenda limodzi: nthambi ya mtsempha wa potalo, nthambi ya mtsempha wochokera kumtima, ndi kanjira ka ndulu. Titatuti tinakulungidwa mu ulusi umodzi, pamodzi ndi minyewa ndi timitsempha totenga madzi a m'thupi. Zojambula za m'mabuku zimaika timachubuti m'ngodya zonse 6, koma m'chiwindi cha munthu ngodya zina zimakhala zopanda kanthu, ndipo gulu limodzi limatumikira tizigawo tonse togundana pa ngodyayo.

Malo a pakati pa ngodya ndi mtsempha wapakati anadzaza ndi maselo a chiwindi otchedwa mahepatosaiti. Maselowa sanaunjikane chisawawa. Anandandalikana m'mizere yochokera pakati kupita m'mphepete, ndipo mwa munthu wamkulu mzere uliwonse ndi wa selo limodzi m'kuchindikala kwake. Chifukwa cha zimenezi selo lililonse limakhudzana ndi magazi mbali ziwiri. Selo limodzi limakula pafupifupi mamaikulomita 25, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Masainusoidi: mitsempha yokhala ndi mabowo

Mipata ya pakati pa mizere ya maselo ndiyo njira za magazi, ndipo imatchedwa masainusoidi. Magazi a m'mitsempha iwiri ya m'ngodya amathiridwa m'mipata imeneyi cha m'mphepete mwa kachigawo n'kusakanikirana pomwepo. Kenako amayenda pang'onopang'ono kulowera pakati, amagwera mu mtsempha wapakati, amasonkhana m'mitsempha ikuluikulu itatu yotuluka m'chiwindi, n'kulowa mu mtsempha waukulu wobwerera kumtima. Mphamvu yowakankha ndi yochepa kwambiri. Kusiyana kwa mphamvu ya magazi pakati pa mtsempha wa potalo ndi mitsempha yotulukira sikupitirira mamilimita 5 pa muyeso umene amayezera kuthamanga kwa magazi, pamene pa mkono wa munthu wathanzi muyesowo umafika cha m'ma 120. Njirazi ziyenera kukhala zotseguka bwino, chifukwa chotchinga chochepa chabe chimakwanira kubweza magazi m'mbuyo.

Sainusoidi ndi yopapatiza, pafupifupi mamaikulomita 10, moti maselo ofiira a magazi amadutsa akukhula m'mbali. Khoma lake n'losiyana ndi la timitsempha ta m'ziwalo zina. M'ubongo kapena m'minofu, maselo a khoma la kamtsempha amagwirana zolimba ndipo pansi pake pali kansalu kena kotchinga. Mu sainusoidi kansaluko palibe, ndipo maselo a khomalo ali ndi timabowo tambirimbiri tokula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a maikulomita. Eddie Wisse anatisonyeza bwino mu 1970 pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya maelekitironi. Timabowoti sitilola maselo a magazi kutuluka, koma madzi a m'magazi amadutsa mosavuta pamodzi ndi mapuloteni ndi mankhwala amene anyamula.

Madziwo akatuluka amalowa mu mpata wina wopyapyala wa pakati pa khoma la sainusoidi ndi selo la chiwindi. Mpatawu unatchedwa dzina la Joseph Disse, katswiri wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1890. Nkhope ya selo yoyang'ana mu mpata wa Disse ili ndi timphukira tambiri tokulitsa malo okhudzana ndi madziwo. Pamenepa ndi pamene selo limatola shuga, mankhwala ndi zinyalala za m'magazi, ndipo ndi pomweponso limatulutsira zimene lapanga, monga alubumini ndi mapuloteni othandiza magazi kuundana munthu akavulala.

M'njirazi mumakhalanso maselo ena a mitundu iwiri. M'kati mwa sainusoidi, chomamatira kukhoma, muli maselo a Kupffer, amene ntchito yawo ndi kumeza mabakiteriya ochokera m'matumbo ndi zidutswa za maselo akufa. Mu mpata wa Disse muli maselo okhala ndi nthambi, amene Toshio Ito wa ku Japan anawafotokoza mu 1951. Chiwindi chikakhala bwino, maselowa amangosunga vitamini A. Chikavulala mobwerezabwereza, amasintha n'kuyamba kupanga ulusi wa zipsera.

Njira ya ndulu

Ndulu ilibe mtsempha wakewake poyambira. Pamene maselo awiri a mu mzere umodzi agundana, lililonse lili ndi kangalande pakhungu lake, ndipo tingalande tiwirito tikayang'anizana timapanga kanjira kokula pafupifupi maikulomita imodzi. Kanjirako kamatchedwa kanalikulo. Khoma lake ndi khungu la maselo a chiwindiwo basi. M'mbali mwake maselo awiriwo anamatana zolimba ndi mapuloteni apadera, ndipo mmatowo ndi umene umaletsa ndulu kudontha kupita mu mpata wa Disse. Motero selo la chiwindi lili ndi nkhope za mitundu iwiri: ina yoyang'ana magazi, ina yoyang'ana ndulu, ndipo iliyonse ili ndi mapampu akeake.

Ndulu sikankhidwa ndi mtima. Selo limapopera mchere wa ndulu ndi zinthu zina m'kanjira, ndipo madzi amatsatira okha chifukwa nthawi zonse amalowera kumene zosungunuka zachuluka. Madziwo akamachuluka amafuna kotulukira, ndipo timinofu ta m'mphepete mwa kanjira timafinya pang'ono kuwathandiza. Tinjirati ndi totseka cha pakati pa kachigawo, chifukwa pafupi ndi mtsempha wapakati palibe chubu cholandira ndulu. Khomo lili m'ngodya mokha. Pa chifukwa chimenechi ndulu imayenda kuchoka pakati kupita m'mphepete, kudutsana ndi magazi amene akulowa. Izi zimayambira m'mimba: pamene chiwindi cha mwana chikuumbika, njira za ndulu zimaphuka mozungulira nthambi za mtsempha wa potalo, osati mozungulira mtsempha wapakati.

Pofika m'mphepete, ndulu imadutsa m'tinjira tatifupi totchedwa ta Hering n'kulowa m'kanjira ka m'ngodya. Tinjira ta m'ngodya timalumikizana kukhala njira zokulirapo, mpaka ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, zimene zimakumana potuluka m'chiwindi. Ndulu imasungidwa m'kathumba ka ndulu, ndipo munthu akadya chakudya chamafuta kathumbako kamafinya n'kuitsanulira kumayambiriro kwa matumbo aang'ono. Mchere wa ndulu sutayika. Pafupifupi magawo 95 pa 100 amayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kudzera mu mtsempha wa potalo. Maselo oyamba kukumana nawo ndi a m'mphepete mwa kachigawo, omwenso ali pafupi ndi khomo la ndulu, choncho mchere wambiri umatoledwa ndi kubwezedwa m'njira ya ndulu usanapite patali.

Ulendo wa bilirubini ndi chiyambi cha chikasu

Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120. Likakalamba limaphwanyidwa, makamaka m'kapamba, ndipo mbali ina ya utoto wake wofiira imasanduka chinthu chachikasu chotchedwa bilirubini. Bilirubiniyu sasungunuka m'madzi, choncho amayenda m'magazi atamamatira ku alubumini. Akafika mu sainusoidi amadutsa pa timabowo tija, amalowa mu mpata wa Disse, ndipo selo la chiwindi limamutola. M'kati mwa selo amamangiriridwa ku kachinthu kena kochokera ku shuga, ndipo akatero amayamba kusungunuka m'madzi. Kenako amapoperedwa kunkhope ina ya selo, m'kanalikulo. Pamenepo ulendo wake watembenuka: anabwera akulowera pakati, tsopano akubwerera kunja. M'matumbo, mabakiteriya amamusandutsa utoto umene umapatsa chimbudzi mtundu wake.

Chikasu chimabwera bilirubini akachuluka m'magazi, ndipo chimayamba kuonekera m'maso. Malo amene ulendowo wasokonekera amasiya zizindikiro zosiyana. Maselo ofiira akamaphwanyika ambiri nthawi imodzi, monga pa malungo aakulu, bilirubini amafika wochuluka kuposa mmene maselo a chiwindi angathere. Wotsalira m'magaziyo amakhala wosasungunuka, choncho impso sizimusefa, ndipo chimbudzi sichisintha mtundu. Koma mwala wa ndulu kapena chotupa chikatseka njira yotulukira, ndulu imadzazana m'mbuyo mpaka m'makanalikulo, ndipo bilirubini wosungunuka uja amabwerera m'magazi. Impso zimamusefa, mkodzo umaderatu, chimbudzi chimayererako chifukwa utoto sukufika m'matumbo, ndipo nthawi zambiri thupi limayabwa. Pa pepala la zotsatira za magazi, kutsekeka kwa ndulu kumakweza kwambiri ALP ndi GGT, amene amachokera kumbali ya njira za ndulu, pamene kufa kwa maselo a chiwindi kumakweza kwambiri ALT ndi AST, amene amakhala m'kati mwa maselowo.

Maselo oyamba ndi maselo omaliza

Popeza magazi amayenda mbali imodzi, maselo a mu mzere salandira zofanana. A m'mphepete amalandira magazi atsopano a okosijeni wochuluka. Selo lililonse limatengako, ndipo pofika pakati mphamvu ya okosijeni imakhala itatsika pafupifupi ndi theka. Mu 1954 Aron Rappaport wa ku Toronto anapereka njira yogawira chiwindi potsata kayendedwe ka magazi kameneka, ndipo madokotala amaigwiritsabe ntchito: chigawo 1 ndi cha pafupi ndi ngodya, chigawo 3 ndi chozungulira mtsempha wapakati, chigawo 2 chili pakati pa ziwirizi. Ntchito nazo zinagawidwa. Maselo a chigawo 1 amachita zofuna mphamvu zambiri, monga kupanga shuga munthu akakhala ndi njala ndi kusandutsa amoniya kukhala yuriya wotuluka mu mkodzo. Maselo a chigawo 3 ali ndi maenzaimu ambiri ophwanya mankhwala ndi mowa. Mtima ukafooka kapena munthu akataya magazi ambiri, oyamba kufa ndi a chigawo 3, chifukwa ndiwo omaliza kulandira mpweya.

Kumwa panado mopitirira muyeso kumaonetsa bwino kugawikanaku. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 pa maola 24, omwe ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500. Pa mlingo umenewu, mankhwala ambiri amamangiriridwa ku zinthu zosungunuka n'kutuluka mu mkodzo. Kagawo kochepa kamagwidwa ndi enzaimu yotchedwa CYP2E1, imene imakasandutsa poizoni wotchedwa NAPQI, ndipo selo limathetsa poizoniyo ndi chinthu china chotchedwa gulutathayoni. Mapiritsi akachuluka, njira yoyamba ija imadzaza, poizoni amapangidwa wambiri, gulutathayoni amatha, ndipo poizoniyo amayamba kuwononga mapuloteni a selo. Enzaimuyi ndi yochuluka m'chigawo 3, kumenenso gulutathayoni ndi wocheperako. Pa maikulosikopu, kachigawo kalikonse kamaoneka ndi maselo akufa mozungulira mtsempha wapakati, pamene a m'ngodya ali amoyo.

Vutoli limabisala poyamba. Tsiku loyamba wodwala amangomva nseru kapena samva kanthu n'komwe. Pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu amayamba kumva kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, ndipo ALT, amene mwa munthu wathanzi sapitirira 40, amafika m'masauzande. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi pamatha kuoneka chikasu, magazi osaundana ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala othetsa poizoniyu, asetailosisitini, amathandiza selo kupanganso gulutathayoni, ndipo amagwira bwino kwambiri akaperekedwa pasanathe maola 8, nthawi imene wodwala amaoneka ngati ali bwino. N'chifukwa chake womwa mapiritsi ochuluka amafunika chipatala msanga, zizindikiro zisanabwere. Omwa mowa tsiku ndi tsiku ndiponso osadya mokwanira ali pa ngozi yokulirapo, popeza mowa umachulukitsa enzaimuyo ndipo njala imachepetsa gulutathayoni. Wodwala akapulumuka, chiwindi nthawi zambiri chimachira kotheratu, chifukwa maselo otsala amagawikana n'kudzaza mizere yakale yomwe mafelemu ake sanagwe.

Zipsera zikatseka njira

Kuvulala kobwerezabwereza kwa zaka zambiri, monga kwa mowa kapena kwa kachilombo ka hepataitisi B, kumathera kwina. Maselo a Ito amadzaza mpata wa Disse ndi ulusi, timabowo ta masainusoidi timatsekeka, ndipo magazi amadutsa osakhudzana mokwanira ndi maselo a chiwindi. Pambuyo pake zipsera zimalumikiza ngodya ndi ngodya, kapena ngodya ndi mtsempha wapakati, ndipo maselo otsala amakula m'timibulu topanda dongosolo. Matenda amenewa ndi sirosisi. Amabweretsa mavuto awiri pamodzi. Loyamba ndi kuchepa kwa ntchito: alubumini amatsika, magazi amachedwa kuundana, chikasu chimabwera. Lachiwiri ndi kubwerera kwa magazi mu mtsempha wa potalo. Kapamba amatupa, madzi amadzaza m'mimba, ndipo magazi amafuna njira zolambalala kudzera m'mitsempha ya kum'mero. Kusiyana kwa mphamvu kuja kukafika 10, mitsemphayo imayamba kufufuma, ndipo kukapitirira 12 imatha kuphulika, munthu n'kusanza magazi.

Likodzo la m'matumbo, limene limapezeka m'madera ena a ku Malawi kuno ndi m'maiko ambiri a mu Africa, limatseka njira pa malo ena. Nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya m'matumbo, ndipo mazira ena amatengedwa ndi magazi kupita kuchiwindi. Dzira limodzi n'lotalika pafupifupi mamaikulomita 140, choncho silingalowe mu sainusoidi ya mamaikulomita 10. Limakakamira m'nthambi zazing'ono za mtsempha wa potalo, thupi limalizinga ndi maselo olimbana ndi matenda, ndipo patapita zaka ngodyazo zimadzaza ndi zipsera zochindikala. William Symmers anafotokoza zipsera zimenezi mu 1904 ku Egypt. Popeza chotchinga chili magazi asanalowe m'masainusoidi, mizere ya maselo imakhalabe bwino ndipo mtsempha wochokera kumtima umapitiriza kuwadyetsa.

Odwala awiri akhoza kufika kuchipatala onse akusanza magazi ndiponso ali ndi kapamba wotupa. Wa sirosisi nthawi zambiri amakhala wowonda, wa maso achikasu, wa alubumini wochepa, ndipo atataya magazi amatha kusokonezeka mutu chifukwa chiwindi chikulephera kuchotsa amoniya. Wa likodzo kawirikawiri amakhala wamng'ono msinkhu, wopanda chikasu, ndipo zotsatira za ntchito ya chiwindi chake zimakhala pafupi ndi za munthu wathanzi. Makina ounikira m'mimba amaonetsa zipsera zochindikala motsatira nthambi za mtsempha wa potalo mwa wa likodzo, pamene chiwindi cha sirosisi chimaoneka chonyala ndi cha mabampu. Mankhwala a purazikwantelo amapha nyongolotsi za likodzo, ndipo zipsera zoyambirira zimatha kuchepa, koma zakale ndi zochindikala sizichoka zonse, choncho mitsempha ya kum'mero imafunika chithandizo chakechake mwa odwala onse awiri.